Kupempha masiku owonjezera kwa kasitomala wolankhula Chifalansa

Tiyerekeze kuti mayi wina womasulira zolemba ku Lilongwe walandira ntchito kuchokera ku bungwe lina la mumzinda wa Lyon ku France. Ndi lipoti la masamba 60, lomwe analandira Lolemba pa 2 Malichi ndipo analonjeza kudzalipereka Lachisanu pa 13 Malichi. Ankayembekeza kuti azimasulira masamba 6 pa tsiku. Sabata yoyamba itatha, wapeza kuti wamaliza masamba 20 okha, chifukwa matebulo a ziwerengero anabwera ngati zithunzi ndipo akufunika kuwalembanso onse pamanja.

Ambiri zikafika apa amangokhala chete, n'kumayembekeza kuti mwina zitheka. Koma masamu akuonetsa kale mmene zithere. Pa liwiro la masamba 4 pa tsiku, pofika pa 13 Malichi adzakhala atamaliza masamba 40, ndipo 20 otsalawo adzafuna masiku ena asanu. Akawonjezera tsiku limodzi lowerenganso ntchito yonse, tsiku lomwe angalonjeze popanda kunama ndi Lolemba pa 23 Malichi. Choncho imelo iyenera kupita Lolemba pa 9 Malichi lomwelo, kasitomala akadali ndi mpata wosintha mapulani ake, mwina ndi osindikiza kapena ndi msonkhano womwe lipotilo likukakambidwa.

Imelo yotere m'Chifalansa imakhala yaifupi, ndipo ikhoza kuoneka motere:

```
Objet : Traduction du rapport annuel – demande de report au 23 mars

Madame,

Je ne serai pas en mesure de vous livrer la traduction complète le vendredi 13 mars comme prévu. J'ai sous-estimé le temps nécessaire à la reprise des tableaux.

Je vous propose de vous remettre les 40 premières pages le 13 mars, et le reste le lundi 23 mars à 17 h, heure de Paris, sans surcoût. Cette solution vous conviendrait-elle ?

Je vous prie de m'excuser pour ce contretemps.

Cordialement,
```

Mutu wa imelo wanena kale pempho ndi tsiku latsopano, kotero kuti ngakhale kasitomala ataiona pafoni ali m'sitima, wadziwa nkhani yonse. Moni wake ndi wa liwu limodzi, "Madame" kapena "Monsieur". Kwathu kuno timayamba ndi kufunsa za moyo ndi za kunyumba tisanafike pa chomwe tadzera, koma m'kalata ya ntchito ya Chifalansa ulemu umaonekera kwina. Umaonekera pogwiritsa ntchito "vous", yemwe ali ngati "inu" wathu, komanso pofunsa mofewetsa ngati "conviendrait-elle", kutanthauza kuti "kodi zingakukomereni?" Kupepesa kumabwera kamodzi, cha kumapeto. Kukachuluka, kasitomala amayamba kuganiza kuti vuto ndi lalikulu kuposa lomwe lanenedwa.

Chifukwa chomwe mayiyu wapereka ndi cha chiganizo chimodzi: sanawerengere bwino nthawi yomwe matebulo adzatenge. Akanatha kunamizira kuzima kwa magetsi kapena maliro a kumudzi, koma bodza lotere limabweretsa mafunso ena. Kasitomala amayamba kudzifunsa ngati magetsiwo sadzazimanso sabata yamawa. Chifukwa chenicheni chili ndi ubwino wina, woti chikhoza kutsegula njira. Atamva kuti vuto ndi matebulo, kasitomala akhoza kuyankha kuti ali ndi mafayilo ake oyambirira a Excel, ndipo masiku ofunikawo n'kuchepa.

Palinso chenjezo pa mawu akuti "force majeure", omwe anthu amakonda kuwatchula akafuna kuti chifukwa chawo chimveke cholemera. Ku France mawuwa ndi a m'malamulo. Ndime 1218 ya Code civil imawagwiritsa ntchito pa chochitika chomwe munthu analibe nacho mphamvu, chomwe sakanachiyembekezera pa nthawi yosayina mgwirizano, komanso chomwe zotsatira zake sizikanapeweka. Kuchuluka kwa ntchito kapena kusakonzekera bwino sikulowa m'gulu limeneli, ndipo wolemba mawuwa molakwika amasandutsa pempho laubwenzi kukhala mkangano wa maloya. Ndime 1104 ya malamulo omwewo imafuna kuti mgwirizano ukwaniritsidwe moona mtima, ndipo kudziwitsa mnzako msanga ndi mbali ya kuona mtima kumeneko. Malamulowa amagwira ntchito ngati mgwirizano uli pansi pa malamulo a France, n'chifukwa chake ndi bwino kuuwerenganso musanalembe, makamaka gawo la "pénalités de retard", lomwe limanena za ndalama zodulidwa ntchito ikachedwa.

Pomwe anthu ambiri amapunthwa ndi pa kawerengedwe ka masiku. Chifalansa chili ndi mitundu itatu. "Jours ouvrés" ndi masiku omwe ofesi imatsegula, kawirikawiri Lolemba mpaka Lachisanu. "Jours ouvrables" amaphatikizapo Loweruka, pomwe "jours calendaires" ndi masiku onse a pakalendala, Lamlungu lomwe. Mayi wathu akanangolemba kuti akupempha masiku 6, tsikulo likanatha kukhala pa 23 Malichi, pa 20 Malichi kapena pa 19 Malichi, malinga ndi mmene wowerenga wamvera. Kuwonjezera apo, Afalansa akamati "huit jours" nthawi zambiri amatanthauza sabata imodzi, ndipo "quinze jours" ndi masabata awiri. Ichi n'chifukwa chake imelo ija yatchula dzina la tsiku, deti ndi ola.

Olalo nalo lili ndi msampha wake. Kuyambira kumapeto kwa Okotobala mpaka kumapeto kwa Malichi, nthawi ya ku Paris imatsalira ndi ola limodzi poyerekeza ndi ya ku Malawi, ndiye 5 koloko madzulo ya kumeneko ndi 6 koloko kuno. Miyezi inayo nthawi imafanana. Amene ali ndi makasitomala ku Congo akumbukirenso kuti Lubumbashi ali pa nthawi imodzi ndi Lilongwe, pomwe Kinshasa amatsalira ndi ola. Wodziwa Chingelezi asamalenso ndi liwu loti "délai", lomwe silitanthauza kuchedwa koma nthawi yomwe munthu wapatsidwa. Kuchedwa ndi "retard", ndipo kupempha nthawi ina ndi kupempha "un délai supplémentaire".

Mtima wa kalata yonse ndi ndime ya "Je vous propose". Kasitomala sakungouzidwa kuti adikire, koma akupatsidwa masamba 40 pa tsiku lomwe anagwirizana poyamba, popanda kuwonjezera mtengo. Ngati sakudziwa mbali yomwe kasitomala akuifuna mwachangu, womasulira akhoza kufunsa kuti ayambe ndi mitu iti, chifukwa mwina chomwe chikufunika pa 13 Malichi ndi chidule ndi gawo la zachuma basi. Chofunika n'chakuti tsiku latsopanolo lichokere pa liwiro lomwe laoneka kale pa ntchitoyo. Kupempha masiku awiri pofuna kuoneka wolimbikira, kenako n'kubweranso kudzapempha ena, kumawononga chikhulupiriro kuposa kupempha 6 kamodzi.

Kasitomala akapanda kuyankha, sizitanthauza kuti wavomera. Pakatha tsiku limodzi kapena awiri, mayiyu ayenera kukumbutsa ndi mawu ngati "Je me permets de revenir vers vous", kapena kuimba foni. Akagwirizana pafoni, alembe imelo yotsimikizira masiku awiri aja ndi kupempha "votre accord par retour de mail". Ngati mgwirizano wawo uli ndi chilango cha kuchedwa, apemphenso kuti zilembedwe kuti chilangocho chiyamba kuwerengedwa pakadutsa pa 23 Malichi, ndipo pa ntchito zikuluzikulu kusinthaku kumalembedwa m'chikalata chowonjezera chotchedwa "avenant", chomwe mbali zonse ziwiri zimasayina.