Mzere Wowongoka Ukanama, Zotsala Zimaulula

Kompyuta sikana kujambula mzere. Muipatse manambala a feteleza ndi a zokolola, ikutulutsirani mzere wowongoka nthawi yomweyo, ngakhale manambalawo asakuyenda mowongoka. Chotero akatswiri owerengera salandira mzerewo asanaone zotsala zake. Chotsala ndi kusiyana kwa chimene chinachitikadi ndi chimene mzere unalosera. Mzere ukati matumba 16 koma munda watulutsa 19, chotsala ndi +3.

Tiyerekeze kuti mlangizi wa zaulimi ali ndi minda isanu ya ekala imodziimodzi. Woyamba sanathiremo feteleza, wachiwiri anathira thumba limodzi, mpaka wachisanu matumba anayi. Chimanga chinatuluka matumba 6, 14, 19, 21 ndi 20. Mzere umene kompyuta ipereka pamenepa ndi uwu:

```
y = 9 + 3.5x
```

Mzerewu ukunena kuti thumba lililonse la feteleza limawonjezera matumba atatu ndi theka a chimanga. Nambala ya R², yosonyeza mmene mzere wagwirizanirana ndi manambala, ili pafupi ndi 0.80, ndipo ambiri akaiona amakhutira n'kutseka buku.

Tsopano tichotsere. Mzere unalosera 9, 12.5, 16, 19.5 ndi 23, ndiye zotsala ndi -3, +1.5, +3, +1.5 ndi -3. Pojambula galafu yake, zimene mzere unalosera zimaikidwa chopingasa, zotsala choimirira, ndipo pakati pamadutsa mzere wa ziro. Zinthu zikakhala bwino, timadontho timamwazika mwachisawawa pamwamba ndi pansi pa ziro, osapanga chithunzi chilichonse. Tathu ndi tosiyana: tayambira pansi, takwera, tatsikanso, ngati uta. Kumeneku ndiye kupindika. Mzere ukulonjeza zochuluka kwa wosathira ndi kwa wothira kwambiri, uku ukuchepetsa za apakati.

Chifukwa chake alimi amachidziwa kale. Thumba loyamba linawonjezera matumba 8, lachiwiri 5, lachitatu 2, lachinayi linabweza m'mbuyo. Koma wokhulupirira mzere uja akhoza kuuza mlimi kuti akathira matumba 6 akolola 30, n'kumuwonongetsa ndalama. Mankhwala ake ndi kulola mzere kupindika powonjezera x² m'masamuwo. Mukatero muona kuti zokolola zimafika pachimake pongopitirira pang'ono matumba atatu. Minda yeniyeni sipereka uta wosalala chonchi, ndiponso minda isanu ndi yochepa zedi. Pa timadontho tochepa, diso limaona zithunzi ngakhale pamene palibe.

Fanelo imaoneka mwina. Yerekezani ndalama zimene mabanja amapeza pamwezi ndi zimene amagulira chakudya. Opeza zochepa amagula zofananako, ufa, ndiwo, mchere, choncho zotsala zawo zimaunjikana pafupi ndi ziro. Opeza zambiri ali ndi ufulu wosankha: wina amadya nyama tsiku ndi tsiku, wina amasungira malata. Timadontho timayamba mothithikana kumanzere, n'kumatambasuka popita kumanja. Apa mzere ukhoza kukhala kuti wadutsa pakati penipeni. Cholakwika ndi malire amene kompyuta imaika ponena kuti yankho ligwa pakati pa apa ndi apa: amatambalala mopyola kwa osauka, n'kupanikiza mopyola kwa olemera. Kawirikawiri kusintha manambala a ndalamawo kukhala malogarithimu kumaiphwetsa faneloyo.

Nanga kadontho kotalikira anzake? Zotsala zikamwazika mwa masiku onse, pafupifupi 95 mwa 100 zimakhala mkati mwa mtunda wowirikiza kawiri kamwazikidwe kake ka nthawi zonse. Kopitirira katatu n'kofunika kukafufuza. Bwererani ku kaundula: mwina wolemba anatembenuza 21 kukhala 12, kapena munda umodzi unayezedwa m'mahekitala ena onse ali m'maekala. Zotero mumakonza. Koma ngati nambalayo ndi yoona, tinene kuti mundawo unagwidwa ndi kaufiti, kuifufuta kuti galafu ikongole ndi chinyengo. Werengerani kawiri, kadonthoko kalipo ndiponso katachotsedwa, muone ngati mzere ukusuntha.

Kadontho koopsa kwambiri, komabe, sikaonekera pa galafu ya zotsala. M'chaka cha 1973 katswiri wa ku Britain, Francis Anscombe, anafalitsa magulu anayi a manambala, lililonse la timadontho 11, onse otulutsa mzere umodzimodzi, y = 3 + 0.5x. Gulu lachiwiri ndi lopindika, lachitatu lili ndi kadontho kamodzi kolumpha. M'gulu lachinayi timadontho 10 tili pa x = 8, kamodzi kokha kali patali pa x = 19. Kameneka kamakokera mzere wonse kwa iko, mpaka chotsala chake chimangokhala ziro. Wongoyang'ana kutalika kwa zotsala angati ndiko komvera kuposa tonse, chonsecho mukakachotsa palibenso mzere wopendekera umene mungajambule. Ndiye poyang'ana galafuyi musamangoponya maso m'mwamba ndi pansi. Onaninso ngati pali kadontho kali kokhakokha kumapeto, kumanja kapena kumanzere.