Kuonera Mnzako M'kalasi: Choipa Chake Nchiyani?

Ana athu ambiri amayesa kuti kuonera ntchito ya mnzawo kumaipa pokhapokha aphunzitsi akawagwira. Ife tikuti choipacho chimachitika ngakhale pasakhale wogwidwa. Tiyeni tichione ndi samu imodzi yakumunda.

Mphunzitsi wa Sitandade 8 apatsa ana funso ili: munda ndi wa mamita 100 m'litali ndi 100 m'lifupi. Mizere yatalikirana masentimita 75, ndipo mapando masentimita 25, mbeu imodzi paphando. Kodi mudzamera chimanga chingati? Wodziwa apeza mizere 133, ndi mapando 400 pamzere uliwonse. Akachulukitsa, apeza 53,200.

Tsono mwana wina aiwala ziro, nalemba mapando 40, ndipo yankho lake likhala 5,320. Anzake atatu aonera. Onsewo analimapo m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, ndipo akadaganiza pang'ono akadazindikira kuti mzere wautali chotero sungakhale ndi mapando 40 okha. Koma woonera saganiza. Dzanja lokha ndilo ligwira ntchito. Umu ndimo mphunzitsi amadziwira: cholakwa chimodzimodzi m'makope anai, kapena yankho lopanda njira yake.

Koma tsoka lalikulu limadza pamene yankho loonedwalo lili lokhoza. Kope ndilo limauza mphunzitsi pamene mwana wafika. Akaona onse akhoza, apitirira ku phunziro lina, ndipo atatu aja atsala osadziwa, popanda wowabwerezera. Ali ngati wodwala wopereka magazi a mnzake kuchipatala kuti ayezedwe: amuuza kuti ali bwino, nabwerera kwao ndi nthenda yake. Lamulo lachisanu ndi chinai limaletsa umboni wonama, ndipo dzina lolembedwa pa ntchito ya wina ndi umboni wotere.

Palinso wina amene aberedwa. Malo a Fomu 1 pa sukulu monga ya Robert Blake ku Kongwe ngowerengeka. Wolowa ndi malikisi obera akhala pa mpando wa mwana amene anawerenga ndi nyali ya koloboyi, ndipo mwanayo sadzadziwa konse amene anamlanda. Dziko lonse linaona zotere mu Novembala 2020, pamene boma linathetsa mayeso a Fomu 4 chifukwa mapepala anabedwa. Okhulupirika omwe analembanso mu Januwale 2021 pamodzi ndi obera.

Nanga kuthandizana nkoletsedwa? Iai. Kuthandiza ndiko kulongosolera mnzako njira, kenaka kutseka kope lako kuti ayese yekha.

Makolo, mayeso ake ngapafupi. Mwana akakuonetsani samu yochongedwa bwino, sinthani nambala imodzi: mapando atalikirane masentimita 50. Wodziwa adzati chimanga chichepa ndi theka, 26,600. Akakhala chete, musafulumire kumkalipira. Khalani naye pamkeka, muwerengere limodzi mizere ija, ndipo m'mawa akauze aphunzitsi pamene sanamvetse.