Ukwati wa mu 1688 umene ukuonekerabe m'mkodzo wa odwala

Mu 1688, kudera la Cape ku South Africa, Gerrit Jansz anakwatira Ariaantje Jacobs, mtsikana wamasiye wochokera ku Rotterdam. Mmodzi mwa awiriwa anali ndi kachilema m'jini imodzi, ndipo kanayenda m'mibadwo mwakachetechete kwa zaka zoposa 200. Kanadzaonekera poyera zipatala zitayamba kugwiritsa ntchito mankhwala ogonetsa a gulu la babichureti. Anthu ena ooneka athanzi ankati akalandira mankhwalawa, mimba inkawapota koopsa, manja ndi miyendo n'kufooka, ena mpaka kumwalira. Dokotala wina, Geoffrey Dean, amene anafika m'dzikolo mu 1947, analondola mizere ya mabanja a odwalawa mpaka anakafika pa ukwati uja. Matendawa ndi mtundu umodzi wa pofiriya, ndipo gwero lake lili m'mene selo limapangira chinthu chotchedwa himu.

Himu ndi amene amafiiritsa magazi. Maonekedwe ake ali ngati nkhata yaing'ono kwambiri yokhala ndi ayironi pakati, ndipo ayironiyo ndiye amagwira mpweya wa okosijeni. Himu wambiri, pafupifupi magawo 85 pa 100 alionse, amapangidwa m'mafuta a m'mafupa kuti alowe m'maselo ofiira a magazi. Wotsalayo, wochuluka amapangidwa m'chiwindi, chimene chimamufuna pa ntchito yophwanya mankhwala ndi mahomoni.

Kapangidwe kake kali ndi masitepe asanu ndi atatu, lililonse ndi enzaimu yakeyake, ngati anthu asanu ndi atatu amene aima pamzere kupatsirana njerwa. Ntchito imayambira m'maitokondiriya, timatumba ta m'selo topanga mphamvu. M'menemo enzaimu yoyamba imalumikiza gilaisini ndi chinthu china chochokera ku chakudya, n'kupanga kachidutswa kamene pa mapepala a ku labotale amalemba kuti ALA. Kachidutswaka kamatuluka m'katumba kaja. Ma ALA awiri akalumikizana amapanga PBG, ma PBG anayi amalukana kukhala chingwe, chingwecho n'kupindidwa kukhala nkhata. Nkhatayo imasemedwa pang'onopang'ono, n'kubwereranso m'maitokondiriya, ndipo pa sitepe yomaliza ayironi amakhazikidwa pakati pake. Nkhata isanalandire ayironi, ili m'gulu la zinthu zotchedwa mapofirini, dzina lochokera ku liwu la Chigiriki la mtundu wa pepo.

M'chiwindi, woyang'anira mzerewu ndi himu mwini wake. Akachuluka amauza enzaimu yoyamba kuti ichepetse liwiro, akachepa imathamanga. Apa ndi pamene pagona nkhani.

Munthu wa pofiriya ya ku South Africa amatengera jini yabwino kwa kholo limodzi ndi yolakwika kwa kholo linalo, choncho enzaimu yake yachisanu ndi chiwiri imagwira theka la ntchito. Akatswiri a pa yunivesite ya Cape Town anapeza cholakwikacho mu 1996, ndipo chimadziwika kuti R59W. Theka ndi lokwanira pa masiku wamba, n'chifukwa chake ambiri amene ali ndi jiniyi amakalamba osadwalako m'mimba n'komwe. Zinthu zimasintha chiwindi chikafuna himu wambiri mwadzidzidzi. Woyamba pamzere amayamba kuponya njerwa mothamanga, wachisanu ndi chiwiri n'kulephera kulandira zonse. Zimene zaunjikana pamapazi pake zimasokonezanso enzaimu yachitatu, motero ALA ndi PBG zimasefukira m'magazi. Madokotala amaloza chala ALA kuti ndi amene amavulaza mitsempha ya uthenga.

Tiyerekeze mayi wa zaka 28 amene ali ndi jiniyi koma sakudziwa. Wayamba mankhwala a TB, m'mene muli rifampisini, mmodzi mwa mankhwala amene amachititsa chiwindi kufuna himu wambiri. Chilakolako cha chakudya chathawa, ndipo njala nayonso imathamangitsa enzaimu yoyamba ija. Pakadutsa masiku angapo mimba iyamba kupweteka mosalekeza, akusanza, chimbudzi chamangika, mtima ukugunda mofulumira. Dokotala akagwira mimba, ili lobodo, yofewa bwinobwino, ndipo sikani sionetsa kanthu. Apa odwala ena amang'ambidwa pachabe, ena amanenedwa kuti akungodzichititsa. Mchere wa sodiyamu ukatsika m'magazi, mayiyo akhoza kukomoka ngati wakhunyu, ndipo akapatsidwa fenobabitoni kapena fenitoini, mankhwala ozolowereka a khunyu, moto wathiridwa mafuta. Kufooka kumakonda kuyambira m'mapewa ndi m'mikono, ndipo kukafika ku minofu yopumira, pamafunika makina omuthandiza kupuma.

Chizindikiro chotsika mtengo chili m'mkodzo. Ukasiyidwa poyera kwa maola angapo, nthawi zambiri umada n'kukhala wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, chifukwa kuwala ndi mpweya zimasandutsa PBG kukhala zinthu za mtundu. Maso okha sakwanira, poti mtunduwu suoneka mwa aliyense, komanso rifampisini payekha amafiiritsa mkodzo. Chotsimikizira ndi kuyeza PBG m'mkodzo wotengedwa wodwala akumva ululu, botolo lake litakutidwa kuti lisaone kuwala.

Chithandizo chimatsatira nzeru ya mzere womwe uja. Choyamba ndi kuchotsa mankhwala amene ayambitsa vuto n'kupeza ena olowa m'malo mwake. Kenako wodwala amapatsidwa himu wopangiratu kudzera m'diripi, mamiligalamu 3 pa kilogalamu iliyonse ya thupi tsiku lililonse kwa masiku anayi. Mayi wolemera makilogalamu 60 alandira mamiligalamu 180 patsiku. Chiwindi chikaona himu ameneyu chimakhutira, enzaimu yoyamba imabwerera m'mbuyo, ndipo ALA amatsika. Shuga wa m'diripi amachita zofananako koma mphamvu yake ndi yochepa. Himu sakonza mtsempha umene wavulala kale, ndipo wofooka ziwalo amatenga miyezi kuti ayambenso kuyenda.

Si pofiriya yonse imene imagwira mimba. Pamene mzere watsekekera ndi pamene pamanena za matenda. Ukatsekeka koyambirira, zounjikana ndi tizidutswa tija, ndipo zovutika ndi mitsempha. Ukatsekeka chakumapeto, zounjikana ndi nkhata zathunthu, zimene zimakakhala pakhungu n'kumamwa kuwala kwa dzuwa. Kuseri kwa manja kumatuluka matuza, khungu limanyuka ngakhale munthu atangokhudza chitseko, zilonda zimachedwa kupola. Kuwala kovulazaku ndi kooneka ndi maso ndipo kumadutsa pagalasi la windo, choncho mafuta wamba odziteteza ku dzuwa sathandiza kwenikweni. Chipewa ndi malaya a manja aatali ndiye zimathandiza. Pofiriya ya zidzukulu za Gerrit ndi Ariaantje imatha kuchita zonse ziwiri, mimba ndi khungu.

Mtundu wofala kwambiri padziko lonse ndi wa khungu lokha, ndipo ambiri sautengera kwa makolo. Enzaimu yachisanu imafooka m'chiwindi chimene chadzaza ayironi ndiponso chatopa ndi mowa, kachilombo ka HIV kapena ka hepataitisi C. Kum'mwera kwa Africa kuno madokotala anauona kawirikawiri mwa anthu okonda mowa wofululidwa m'migolo yachitsulo, umene umatenga ayironi wa mgolowo. Mankhwala ake amadabwitsa: kuchotsa magazi pafupifupi mamililita 450 pa milungu iwiri iliyonse mpaka ayironi atatsika, kapena kolorokwini wochepa kwambiri kawiri pamlungu. Mlingo wa malungo ukhoza kuvulaza chiwindi cha wodwala wotereyu, motero si mankhwala ogula pagolosale n'kumwa wekha.

Kwa mabanja a R59W, mwana aliyense wa kholo lokhala ndi jiniyi ali ndi mwayi wa theka woitengera. Kuyeza magazi kamodzi kumauza amene ali nayo, ndipo ameneyo amalangizidwa kuvala chibangili cholembedwa matenda ake, kuti tsiku limene angafike kuchipatala ali chikomokere, womubaya jakisoni ayambe wawerenga padzanjapo.