Kalata imene inakulitsa zilembo

Mu ofesi ina yothandiza alendo odzaona mathithi, pa msewu wa Mosi-oa-Tunya mu Livingstone, muli mnzanga amene masiku ano amafika mbandakucha akuimba. Chaka chatha munthu yemweyu ankaganiza zosiya ntchito.

Matenda a shuga anamuwononga mkati mwa maso, ndipo magalasi sankathandizanso kwenikweni. Ankaona ndithu, koma mwachimbuuzi. Powerenga ankachita kugunditsa mphuno pakompyuta, ndipo 3 ndi 8 zinkaoneka ngati mapasa. Tsiku lina alendo ofika pa 13 anawalemba pa 18, boti la pa Zambezi n'kuwasiya. Pofika 14 koloko mutu unkakhala ukuwaza. Choopsa chinali poweruka. M'mwezi wa Juni dzuwa kuno limalowa 18 koloko isanakwane, ndiye munthu woweruka 17 koloko, akadikira galimoto, amakafika ku Dambwa kutada. Nyali za magalimoto zinkamuthobwa m'maso, ngalande osaiona.

Kenako analemba kalata ya tsamba limodzi, ndipo ine ndimaitama kalata imeneyi chifukwa inalibe kulira. Inati: "Bwana, madokotala apeza kuti maso anga saona bwino zilembo zing'onozing'ono, ndiponso mumdima. Ntchito yanga ndimaidziwa ndipo ndikufuna kuipitiriza. Ndikupempha zinthu zitatu: pulogalamu yokulitsa zilembo pakompyuta, sikirini yokulirapo, ndi chilolezo choyamba 7 koloko n'kuweruka 16 koloko. Maola anga sachepa. Tiyese kwa mwezi umodzi, kenako mudzaone nokha."

Anaphatikizapo kalata ya dokotala wa maso. Anakumbutsanso mwaulemu, m'mzere umodzi wokha, kuti lamulo la Zambia la 2012 loteteza anthu aulumali limafuna kuti olemba ntchito akonze zinthu moyenera kuti wantchito wotere athe kugwira ntchito yake. Pempho la mwezi woyesera ndi limene linafewetsa mtima wa bwana, chifukwa kuvomera kuyesa n'kosavuta kusiyana ndi kulonjeza zamuyaya.

Tsono tamverani chosangalatsa. Bwana ankaopa mtengo, poti anamva kuti ZoomText, pulogalamu yotchuka ya ntchito imeneyi, ndi yogula. Koma m'kompyuta momwemo munali kale Magnifier, imene imabwera ndi Windows popanda kulipira ngwee! Munthu angodina batani la Windows pamodzi ndi +, zonse zakula. Kudina Windows ndi Esc, zabwerera mwakale. Pamene mnzangayo anadina Ctrl+Alt+I, pepala loyera lothobwa m'maso lija linasanduka lakuda, zilembo n'kuyera mbee. Anafuula mpaka mlonda anasuzumira pakhomo.

Musaganize kuti zonse zinatheka tsiku lomwelo. Kukulitsa kuli ndi mtengo wake. Ukaika pa 200%, umaona gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a tsamba, kwina konseko kumabisika mpaka utasuntha mausi. Masiku oyamba ankasochera m'ndandanda wa alendo: dzina akuliona, koma tsiku lofika lathawira kumanja. Chizindikiro choti wakulitsa mopitirira ndi chimenecho, kumangoyendayenda patsamba mpaka chizungulire. Apa m'pamene sikirini yaikulu inaonetsa ntchito yake, chifukwa pa iyo zilembo zinali zazikulu kale ndipo sanafunike kukulitsa kwambiri. Anasinthanso kuti Magnifier izikula pang'onopang'ono, ndi 25% m'malo mwa 100% nthawi imodzi, mpaka anakhazikika pa 175%. Akafuna kutsimikiza nambala ya pasipoti amadina Ctrl+Alt+L, pamatuluka kagalasi koyenda ndi mausi kokulitsa malo amodzi okha, tsamba lonse likuonekabe. Tebulo lake analitembenuzanso kuti kuwala kwa pawindo kusagwere pasikirini.

Nanga maola aja? Ofesi ndiyo inapindula! Alendo ambiri amanyamuka m'mawa kupita kumathithi kapena kuwoloka mlatho wa Kazungula kukaona nyama ku Chobe, ndipo kale foni inkalira 7 koloko popanda woyankha. Lero imayankhidwa. Ntchito yamanambala amaimaliza m'mawa maso asanatope, masana n'kumalandira alendo ndi kuimba mafoni. Tsiku lokaonana ndi dokotala amabweza maolawo Loweruka. Ikakwana 16 koloko amanyamula chikwama, ndipo pageti pakwawo amafika dzuwa likadalipo, ana akusewera panja.

Mwezi woyesera utatha, bwana sanaitanitse n'komwe msonkhano. Anangouza mnyamata wa makompyuta kuti aonetse aliyense mu ofesi mabatani aja, ndipo akuluakulu awiri amene ankatsinzinira chamumtima akuwagwiritsa ntchito tsopano.

Inu amene mukubisa vuto la maso poopa kuchotsedwa, tengani pepala lero. Tchulani chimene chikukuvutani, chimene mukupempha ndi maola ake enieni, muphatikize kalata ya dokotala, ndipo mupemphe mwezi umodzi woyesera.