Bowo la pakhoma lomwe limayamba lafunsa kuti ndinu ndani

M'maofesi ambiri pasiwedi ya wayifayi amaisunga mosamala, ndipo mlendo akaipempha amayamba amufunsa kaye chimene wadzera. Koma m'chipinda chomwecho, m'munsi mwa khoma, mumakhala timabowo ta netiweki tomwe palibe amatilabadira. Munthu wobwera kudzakonza makina oziziritsira mpweya, kapena mlendo amene wasiyidwa yekha m'chipinda cha misonkhano, akangosomekamo chingwe cha laputopu yake, pa masekondi ochepa amakhala ali m'kati. Wapatsidwa adiresi, akuona pulinta, akuonanso kompyuta imene imasunga mafayilo a malipiro. Palibe wamufunsa dzina.

Njira yotsekera mpata umenewu ilipo kuyambira mu 2001, pamene bungwe la IEEE lidatulutsa muyezo wotchedwa 802.1X. Mfundo yake ndi yakuti bowo lililonse likhale lotseka mpaka chipangizo chimene chasomekedwapo chitadzidziwikitsa.

Zingwe zonse zochokera ku mabowo a pakhoma zimakathera m'bokosi lotchedwa swichi, lomwe kawirikawiri limakhala m'kabati yokhoma. Chingwe chilichonse chimalowa pa poti yakeyake. Pa 802.1X swichiyo imagwira ntchito ngati mlonda wa pageti amene alibe kaundula wa antchito: wobwera aliyense amamuimitsa, kutenga chiphaso chake, kuimbira foni kwa wosunga kaundula, n'kutsegula pokhapokha atauzidwa kutero. Wosunga kaundulayo ndiye seva ya RADIUS. Kumvetsa kuti swichi siyigamula payokha ndiko kumathandiza kwambiri tsiku limene zinthu zavuta, chifukwa mavuto ambiri amabisala panjira imene funso ndi yankho zimadutsa.

RADIUS ndi yakale kuposa 802.1X. Idapangidwa ndi kampani ya Livingston Enterprises ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, nthawi imene anthu ankalowa pa intaneti poimba kudzera pa lamya ya m'nyumba. Malamulo ake amene akugwirabe ntchito adalembedwa mu 2000, m'chikalata cha RFC 2865. Lero maofesi ambiri amagwiritsa ntchito FreeRADIUS, yomwe ndi yaulere, kapena NPS imene imabwera ndi Windows Server.

Tiyerekeze ofesi ya antchito makumi atatu, yokhala ndi swichi imodzi ya mapoti 48. Kompyuta ya wowerengera ndalama ili pa poti 12. Akaiyatsa m'mawa, nyali ya pa potiyo imayaka, koma poti imakhala ikulola mtundu umodzi wokha wa uthenga, wotchedwa EAPOL, womwe ntchito yake ndi kudzidziwikitsa basi. China chilichonse, ngakhale pempho la adiresi, chimatayidwa. Swichi imafunsa kompyuta kuti ndi ndani. Kompyuta ikayankha, swichi imakulunga yankholo mu uthenga wa `Access-Request` n'kulitumiza ku seva kudzera pa UDP 1812. Seva siivomera nthawi yomweyo. Imabweza `Access-Challenge` kangapo, kufuna umboni, ndipo swichi imangopatsira mauthengawo uku ndi uku. Pomaliza pamabwera `Access-Accept` kapena `Access-Reject`. Ikavomerezedwa, poti imatseguka, kompyuta imalandira adiresi, ntchito n'kuyambika. Zikamayenda bwino mwini wake sazindikira n'komwe kuti pachitika zonsezi. Wina akazula chingwecho n'kuchisomeka pa laputopu yake, poti imatsekanso, funso n'kuyambiranso.

Yankho la seva limatha kunenanso kumene wolowayo apite. Netiweki imodzi imagawidwa m'zigawo zotchedwa VLAN, ndipo mu ofesi yathuyi chigawo 20 ndi cha antchito, 30 cha mapulinta, 99 cha alendo omwe amangoona intaneti yokha. Kuti wowerengera ndalama alowe mu 20, seva imaphatikiza mizere iyi mu yankho lake:

```
Tunnel-Type = VLAN
Tunnel-Medium-Type = IEEE-802
Tunnel-Private-Group-Id = "20"
```

Ubwino wake ndi wakuti akasamukira pa tebulo lina, chigawo chake chimamutsatira, popanda wina kukasintha chilichonse m'kabati.

Umboni umene seva imafuna uli wa mitundu iwiri yodziwika. Woyamba, PEAP, ndi dzina ndi pasiwedi, zomwe zimadutsa m'njira yobisika imene seva imakonza pogwiritsa ntchito satifiketi yake. Ndi wosavuta kuyamba nawo, koma uli ndi msampha: ngati makompyuta sanauzidwe kuti azitsimikiza satifiketi ya seva, amatha kupereka umboni wa pasiwedi kwa seva yabodza. Pa Windows bokosi lolembedwa `Verify the server's identity by validating the certificate` lisamachotsedwe chizindikiro, ngakhale kulichotsa kumaoneka ngati kwathetsa vuto msanga. Wachiwiri, EAP-TLS, umafuna kuti kompyuta iliyonse ikhale ndi satifiketi yakeyake. Ndi ntchito yambiri poyamba, koma palibe pasiwedi yoti wantchito abwereke mnzake kapena alembe pakapepala. Kwa ine, ofesi imene makompyuta ake onse amayang'aniridwa pamalo amodzi ingachite bwino kusankha wachiwiriyu.

Tsopano Lolemba m'mawa wowerengera ndalama akudandaula kuti netiweki palibe. Nyali ya pa poti 12 ikuyaka, chingwe ndi chabwino, koma adiresi ya kompyuta yake ikuyamba ndi 169.254, kutanthauza kuti idapempha adiresi, osayankhidwa, n'kudzipatsa yokha. Poti ndi yotseka. Funso ndi lakuti ndani mwa atatuwa wakhala chete, kapena ndani wakana.

Poyambira pabwino ndi pa seva. Katswiri amaimitsa kaye FreeRADIUS imene imayenda mwakachetechete, n'kuiyatsanso kuti izionetsa zonse zimene ikuchita. Pa Debian ndi Ubuntu lamulo lake ndi ili:

```
freeradius -X
```

Kenako amazula chingwe cha pa poti 12 n'kuchibwezera, maso ali pa sikirini. Ngati sipakuoneka kanthu, pomwe anthu ena akulowa bwinobwino, ndiye kuti kompyutayo siikuyankha funso la swichi. Pa Windows ichi chimachitika kawirikawiri, chifukwa pulogalamu yoyankha pa chingwe, `Wired AutoConfig`, siyiyamba yokha pa kompyuta yatsopano. Kompyuta imene yangoikidwanso Windows kumapeto kwa sabata imabwerera ili chete chonchi. Lamulo la `sc query dot3svc` limasonyeza ngati pulogalamuyo ikuyenda.

Nthawi zina uthenga umafika koma seva osaulabadira. Swichi iliyonse iyenera kulembedwa mu fayilo ya `clients.conf`, pamodzi ndi adiresi yake komanso mawu achinsinsi omwe iyo ndi seva zimagawana. Adiresi ya swichi ikasintha, pa sikirini pamaoneka mawu akuti `unknown client`. Mawu achinsinsi akasiyana, ngakhale ndi chilembo chimodzi, pamaoneka `Shared secret is incorrect`. Chovuta ndi chakuti pa zonse ziwirizi seva siyankha chilichonse, imangotaya uthengawo. Swichi imaona ngati seva yafa, ndipo munthu amene akungoyang'ana pa swichi amatha kutaya theka la tsiku akufufuza zingwe zomwe zilibe vuto. Chizindikiro chake ndi chakuti onse a pa swichi imeneyo amavutika limodzi, osati munthu mmodzi.

Ngati mauthenga ayenda n'kuimira pakati, kapena kuthera pa `Access-Reject`, ndiye kuti njira ili bwino koma umboni wakanidwa. Mwina pasiwedi idasinthidwa koma kompyuta ikutumizabe yakale. Mwinanso ndi tsiku. Satifiketi ili ndi tsiku loyambira ndi lothera, ndipo kompyuta yakale imene kabatire kake ka m'kati kadatha imadzuka ikuganiza kuti tili zaka zingapo m'mbuyo. Ikaona satifiketi ya seva imati nthawi yake sinakwane, n'kuikana, ndipo popeza poti ndi yotseka, siyingathe kufunsa nthawi yolondola pa netiweki. Kukonza tsiku pamanja ndi kusintha kabatireko kumathetsa nkhani. Koma satifiketi ya seva yeniyeniyo ikatha, ofesi yonse imatsekeredwa kunja m'mawa umodzi. Tsiku lothera liyenera kulembedwa pa kalendala imene anthu oposa mmodzi amaiona.

Pali vuto lina limene maofesi a kuno ku Malawi sayenera kulinyalanyaza. Magetsi akazima n'kubwera, swichi imatha kudzuka msanga kuposa seva. Makompyuta amayamba kugogoda, swichi ikufunsa, seva isanadzuke. Swichi zambiri za m'maofesi zimalola kuikiratu chochita seva ikapanda kuyankha, monga kulowetsa anthu m'chigawo chokhala ndi zochepa mpaka itabwerera, kenako n'kuwafunsanso. Seva ikhale pa batire losunga magetsi limodzi ndi swichi, ndipo pomwe ndalama zilola pakhale seva yachiwiri. Zimenezi ziyesedwe pozimitsa seva dala tsiku lopanda ntchito yambiri.

Mapulinta, makamera ndi makina odindira chala pofika pantchito nthawi zambiri satha kuyankha funso la swichi. Kwa iwo pali njira ya MAB: swichi ikafunsa kangapo osayankhidwa, imatenga nambala ya MAC ya chipangizocho n'kuitumiza ku seva ngati dzina. Nambala imeneyi si chinsinsi. Kawirikawiri imalembedwa pa kapepala komata kumbuyo kwa pulinta, ndipo laputopu imatha kuitengera mosavuta. N'chifukwa chake mapulinta aikidwe m'chigawo 30, momwe wonamizira pulinta sangafikire mafayilo a malipiro. Dziwaninso kuti 802.1X imaona pakhomo pokha, siibisa zimene zikuyenda m'chingwe pambuyo pake. Kaswichi kakang'ono komwe wina waika pansi pa tebulo kuti agawane bowo limodzi ndi anzake kamatha kulowetsa onse pa chilolezo cha mmodzi, ngati poti sinakonzedwe kuti izifunsa chipangizo chilichonse pachokha.

Cholakwika chachikulu ndi kutseka mapoti onse usiku umodzi. Swichi zambiri zili ndi njira yoyesera, pa za Cisco lamulo lake ndi `authentication open`, momwe funso limafunsidwa ndipo yankho limalembedwa, koma poti imakhalabe yotsegula ngakhale kwa wokanidwa. Isiyeni chonchi kwa milungu ingapo, kuphatikizapo kumapeto kwa mwezi pamene makina ena amayatsidwa kamodzi kokha. M'zolembedwa za seva mudzapeza pulinta yoiwalika ya m'chipinda chosungira katundu, laputopu ya bwana imene sinakonzedwe, ndi zipangizo zomwe palibe ankadziwa kuti zilipo. Mukazikonza, yambani kutseka ndi mabowo a m'chipinda cha misonkhano ndi polandirira alendo, kenako dipatimenti imodziimodzi. Mapoti a seva ya RADIUS ndi olumikiza swichi ndi swichi inzake musawaike pa 802.1X, chifukwa mukatero swichi idzasowa woifunsa.