Makilomita 400 a pa chikalata, makilomita 160 a pa M1

Alamu anga adandionetsa chithunzi pafoni: galimoto yoyera ya Nissan Leaf ya 2018, yoyendera magetsi okhaokha, ikugulitsidwa ku Japan, yoti ikatsikira ku Dar es Salaam monga zimachitira galimoto zathu zambiri. Pansi pa chithunzicho padalembedwa manambala awiri, 40 kWh ndi 400 km.

"Alamu, taonani," adatero akugogoda foniyo ndi chala. "Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Blantyre ndi makilomita 310 basi. Ndikafika, n'kutsalanso ndi moto wokazungulira ku Limbe. Za mizere ya petulo ine ndathana nazo."

Ndidawauza kuti wogulitsayo sadaname, koma kuti galimotoyo ku Blantyre sikafika popanda kuima panjira kuti itchajidwe. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo kuti timvetse tiyenera kuyamba ndi nambala yoyamba ija.

Aliyense amene amagula magetsi a ESCOM amaidziwa kale kWh, kungoti amaitchula dzina lina. Yunitsi imodzi ya pa mita ija ndiyo kWh imodzi: magetsi amene chipangizo chokoka mawati 1,000 chimadya chikayaka ola lathunthu. Ketulo ya mawati 2,000 imamaliza yunitsi imodzi m'theka la ola. Choncho batire ya 40 kWh ndi nkhokwe yosunga mayunitsi 40. Musaisokoneze ndi kW yopanda h. Iyo ikunena za liwiro lomwe magetsi akutulukira kapena kulowera, monga kukula kwa mpopi, pamene kWh ikunena za madzi amene ali mu thanki. Mota ya Leaf imeneyi imatha kukoka 110 kW. Mutati muiponde mpaka pansi osasiya, nkhokwe yonse ingaume m'mphindi zongopitirira pang'ono 20.

Amene ali ndi sola kunyumba adazolowera muyeso wina, wa Ah. Kuti mupeze mayunitsi, chulukitsani mavoti ndi ma Ah, kenako gawani ndi 1,000. Batire ya sola ya mavoti 12 ndi 100 Ah imasunga mayunitsi 1.2. Ya Leaf ili ndi mavoti 350 ndi ma Ah opitirira pang'ono 110, ndipo zikachulukitsidwa zimafika pafupi ndi 40. Ndiye kuti pansi pa mipando ya galimotoyo pagona mphamvu ya mabatire a sola oposa 30.

Si onse mayunitsiwo amene woyendetsa amaloledwa kugwiritsa ntchito. Batire ya lifiyamu imaonongeka msanga ikamadzazidwa mpaka pakamwa kapena kukokololedwa mpaka pansi, choncho kompyuta ya m'galimoto imabisa pang'ono kumwamba ndi pang'ono kunsi. Pa Leaf iyi otsala oti n'kuyendera ndi pafupifupi 39, batire ikadali yatsopano. Makampani ena amalengeza nambala ya nkhokwe yonse, ena ya gawo logwiritsidwa ntchito lokha, ndipo poyerekeza galimoto ziwiri muyenera kufunsa kuti nambalayo ndi iti.

Nambala ya 40 ndi yolimba ndithu, ngati kukula kwa thanki. Ya 400 ndiyo yoterera.

Galimoto yomweyi, batire yomweyi, idagulitsidwa ndi manambala osiyana malinga ndi dziko. Ku Japan adalemba makilomita 400 pa muyeso wotchedwa JC08. Ku Ulaya, pa muyeso wa WLTP, adalemba 270. Ku Amereka bungwe la EPA lidaipatsa mamailosi 151, omwe ndi makilomita 243. Palibe amene adakwera galimoto n'kuyenda mtunda umenewo pamsewu weniweni. Galimoto imaimikidwa m'labotale, matayala ake ali pa migolo yozungulira, ndipo woyendetsa amatsata ndondomeko yolembedwa kale: apa thamanga chonchi, apa ima, apa nyamukanso. Ndondomekoyo imabwerezedwa mpaka batire itatha. Kusiyana konse kwagona pa mmene ndondomekoyo idalembedwera.

JC08 idatengera kayendedwe ka m'mizinda yothithikana ya ku Japan. Imatenga mphindi 20, liwiro lake lapakati ndi makilomita 24 pa ola, ndipo pomwe yathamangitsitsa imangofika pafupifupi 82. Kumeneko n'kuyenda kwa pa mlatho wa Lilongwe nthawi yoweruka. WLTP, yomwe idayamba kugwira ntchito ku Ulaya mu Seputembala 2017, imatenga mphindi 30 pa makilomita 23, liwiro lapakati ndi 46.5, ndipo imakafika pa 131 kwa kanthawi kochepa. Komabe imachitikira m'chipinda cha madigiri 23, makina oziziritsa m'galimoto atazimitsidwa, popanda chitunda. Aku Amereka amayesanso m'labotale, koma kawirikawiri zotsatira zake amazidula n'kutsala magawo 7 mwa 10, podziwa kuti anthu sayendetsa ngati makina. N'chifukwa chake nambala yawo ndiyo imayandikira zomwe munthu amaona pamsewu. Ine ndikaona nambala ya JC08 pa galimoto yochokera ku Japan, ndimangochotsapo gawo limodzi mwa magawo atatu ndisanayambe n'komwe kukambirana.

Chimene chimathandiza kwambiri ndicho kufunsa funso lomwe timafunsa pa galimoto ya petulo: lita imodzi imayenda makilomita angati? Apa timati, yunitsi imodzi imayenda makilomita angati? Leaf yochokera ku Japan imaonetsa nambalayi padashibodi ngati km/kWh. Kuti mukwanitse makilomita 400 ndi mayunitsi 39, yunitsi iliyonse iyenera kukuyendetsani makilomita oposa 10. M'tauni, woyendetsa wofatsa amapeza 7 kapena 8. Pamsewu waukulu, pa liwiro la 100, amapeza pafupifupi 6.

Apa pali chinthu chimene chimadabwitsa madalaivala akale. Galimoto ya petulo imamwa kwambiri m'tauni n'kupepuka pa ulendo wautali. Yamagetsi imachita zosemphana. Ikaima pamzere mota yake sidya kanthu, ndipo mukachotsa phazi kapena kuponda mabuleki, motayo imasanduka jenereta n'kubweza magetsi ena mu batire. Mdani wake wamkulu ndi mphepo. Tulutsani dzanja pawindo galimoto ikuyenda pa 40, kenako pa 80: mphepo imakukankhani kanayi, osati kawiri. Kuchoka pa 80 kufika pa 110 kukankhako kumatsala pang'ono kuwirikiza. Mayunitsi amene mwataya pong'amba mphepo sabwerera.

Chitunda chili ndi mtengo wakenso, ndipo umawerengeka. Leaf yonyamula anthu anayi ndi zikwama imalemera makilogalamu pafupifupi 1,800. Dedza ili pamwamba kuposa Lilongwe ndi mamita oposa 500. Kungokweza kulemera kumeneko mpaka kumeneko kumadya mayunitsi pafupifupi awiri ndi theka, kupatula a mtunda weniweniwo. Potsetsereka ena amabwerera, koma osati onse. Makina oziziritsa nawo amadya yunitsi imodzi kapena kuposerapo pa ola m'dzuwa la Okotobala. Matayala opanda mpweya wokwanira ndi thumba la makala pa denga zimaonjezera zawo.

Tsopano tifike pa galimoto ya alamu anga yeniyeniyo, yomwe si yatsopano. Batire imakalamba. Chaka ndi chaka nkhokwe imacheperachepera ngakhale galimoto itangokhala m'galaja, ndipo kutentha kumafulumizitsa zimenezi. Batire ya Leaf ilibe madzi oiziziritsa monga zilili galimoto zina zamagetsi. Imangodalira mpweya woizungulira. Mu 2012 eni ma Leaf oyambirira ku Phoenix, m'chipululu cha Arizona ku Amereka, adadandaula kuti mabatire awo akuchepa mphamvu msanga. Wokhala ku Nchalo kapena ku Mangochi aziganizire zimenezo, ndipo aziimika galimoto pamthunzi, osaisiya masiku ambiri padzuwa itadzaza mpaka 100 peresenti.

Leaf imaonetsa thanzi la batire ndi timizere 12. Kamzere koyamba kamazima batire ikatsala ndi 85 peresenti ya mphamvu yake yoyamba, ndipo tina timazima pa kutsika kulikonse kwa maperesenti opitirira pang'ono 6. Pa chithunzi china cha wogulitsa uja tidawerenga timizere 10. Ndiye kuti batire ili cha m'ma 75 peresenti. Tidatenga pepala. Magawo atatu mwa anayi a 39 ndi mayunitsi 29. Palibe munthu wanzeru amene amayenda mpaka ziro pa msewu wopanda potchajira, choncho tidasiya atatu osungira. Atsala 26. Pa makilomita 6 pa yunitsi, ndi makilomita 156. Kuchoka ku Lilongwe, umenewo ndi mtunda wofika cha ku Ntcheu, theka la ulendo.

Alamu adakhala chete, kenako adati, "Nanga nambala ya padashibodi ija? Pa chithunzi ikuonetsa 230."

Nambala imeneyo ndi yongoyerekeza. Kompyuta imaona mayunitsi otsala n'kuwachulukitsa ndi mmene galimoto yakhala ikudyera posachedwapa. Ngati womaliza kuyendetsa ankakwawa nayo m'tauni, nambala imakhala yonona. Mukalowa M1 n'kuyamba kukwera ku Dedza, imatha kugwa ndi makilomita awiri pa kilomita iliyonse imene mwayenda, ndipo palibe chaonongeka.

Timizere tija natonso si toti n'kutikhulupirira ndi mtima wonse, chifukwa ogulitsa achinyengo amatha kufufuta zomwe kompyuta ya batire ikukumbukira. Timizere timabwerera pa 12, n'kuyamba kuzimanso pakapita milungu, ndalama zitapita kale. Amakanika odziwa amalumikiza kachipangizo pa soketi ya OBD pansi pa chiwongolero n'kuwerenga nambala ya SOH pa pulogalamu ya pafoni ya LeafSpy, koma nayonso imanama ngati kompyuta yafufutidwa kumene. Muyeso wovuta kuupusitsa ndi kuyenda nayo. Dzazani batire, bwezani pa ziro kowerengera km/kWh, yendani makilomita 50. Ngati dashibodi ikuti 6.5, mwadya mayunitsi 7.7. Batire ikatsika ndi 20 peresenti, nkhokwe yonse ndi pafupifupi 38, yathanzi. Ikatsika ndi 27 peresenti, nkhokwe ndi 28 kapena 29, kaya timizere tikuti chiyani.

Pa mita ya kunyumba muyembekezere kulipira mayunitsi ochulukirapo kuposa amene alowa mu batire, poti ena amatayika ngati kutentha mu tchaja ndi m'mawaya, nthawi zambiri 10 mpaka 15 pa 100 alionse. Kudzaza mayunitsi 29 kudzadya cha m'ma 33 pa mita. Pa soketi wamba, tchaja yokoka 2.3 kW idzatenga maola 14, magetsi akapanda kuzima.

Alamu anga amakhala ku Area 25 ndipo amagwira ntchito ku City Centre. Tsiku lonse, kuphatikiza kukatula ana kusukulu, sayenda makilomita oposa 40. M'tauni umenewo ndi mtunda wa mayunitsi asanu kapena asanu ndi limodzi, otheka kubwezeretsa m'maola atatu usiku. Pa moyo wotere batire ya timizere 10 ingawakwanire masiku anayi osaitchaja. Adafunsa wogulitsa chithunzi cha SOH, n'kupempha kuti mtengo utsike. Za ku Blantyre, adati azikwera basi.