N'chifukwa Chiyani Foni Imangolemba "Pending"?

 Mwina zinakuchitikiranipo. Amayi akubwerekani foni yawo kuti muikemo pulogalamu yophunzirira masamu. Mwatsegula Play Store, mwadina Install, koma pansi pa dzina la pulogalamuyo pangotuluka mawu akuti Pending, kamzere n'kumangozungulira. Dzuwa mpaka kupendeka, palibe chalowa. Kodi foni yafa?

Ayi, sinafe. Pending amatanthauza kuti pempho lanu lamveka, koma foni ikudikira chinachake isanayambe kutsitsa pulogalamuyo. Zili ngati pa chigayo: chimanga mwabweretsa ndipo thumba lanu lili pamzere, koma kuti ligayidwe, pafunika amene ali patsogolo athane nazo, magetsi akhalepo, ndiponso mukhale ndi potengera ufa. Ntchito yanu ndi kufufuza chimene foni ikudikiracho, ndipo tiyambira pa zosavuta.

Pamzere pali ndani?

Play Store ikakhala yotanganidwa kukonzanso mapulogalamu akale a m'fonimo, yatsopano imadikira. Dinani kachithunzi kozungulira kamene kali pamwamba kudzanja lamanja, musankhe Manage apps & device. Mukapeza kuti mapulogalamu ena akutsitsidwa, adikireni athe, kapena pemphani mwini foni kuti awaimitse. Yanuyo ikhoza kuyamba kulowa nthawi yomweyo.

Kodi intaneti ilipodi?

Apa m'pamene ife a m'malire tiyenera kutsegula maso. Mchinji yagundana ndi Zambia, ndipo ukadutsa pa chipata cha Mwami, mzinda wa Chipata suli patali. Mafunde a netiweki sadziwa malire a dziko. Ndiye foni yokhala ndi simu khadi ya TNM kapena Airtel ikakhala kufupi ndi malire, nthawi zina imagwira nsanja ya ku Zambia chifukwa ndi imene ikumveka mwamphamvu. Pamwamba pa foni pamatha kuoneka dzina la netiweki yachilendo kapena chilembo R. Zikatero bandulo ya kwathu sigwira ntchito, ngakhale timizere ta netiweki titadzaza. Munthu wamkulu alowe mu Settings, apeze mbali ya simu khadi, asankhe yekha netiweki ya ku Malawi m'malo mosiya foni kuti izidzisankhira.

Chinanso ndi mtundu wa bandulo. Pali mabandulo ena a WhatsApp kapena Facebook basi. Ndi bandulo yotere mauthenga amabwera bwinobwino, inu n'kumaganiza kuti intaneti ilipo, pamene Play Store yatsekeredwa kunja. Kuyesa kwake n'kosavuta: tsegulani Chrome, mufufuze mawu aliwonse. Tsamba likakana kutseguka, vuto ndi bandulo kapena netiweki. Yang'ananinso kachilembo kali pafupi ndi timizere tija. E ndi intaneti yoyenda pang'onopang'ono kwambiri, pamene 4G ndi yothamanga.

Nanga tsamba likatseguka koma Pending osachoka? Mwina Play Store inauzidwa kuti izitsitsa zinthu pa Wi-Fi pokha, chonsecho pakhomo panu palibe Wi-Fi. Mu Play Store momwemo lowani mu Settings, kenako Network preferences, kenako App download preference. Ngati pasankhidwa Over Wi-Fi only, foni idikira mpaka kalekale. Kusankha Over any network kumailola kugwiritsa ntchito bandulo. Koma yambani mwapempha, chifukwa bandulo ndi ndalama za makolo.

Kodi malo alimo?

Foni ili ndi malo osungira zinthu, ndipo amayezedwa mu MB ndi GB. GB imodzi ndi pafupifupi MB 1,000. Pulogalamu imabwera itapanikizidwa, ndipo ikafika imafunika kumasulidwa, motero imafuna malo oposa kukula kumene kwalembedwa pa Play Store. Malo otsala akachepera GB imodzi, kutsitsa kumayamba kuvuta.

Tiyerekeze kuti foni ya achimwene anu ndi ya GB 32, ndipo pulogalamu imene mukufuna ndi ya MB 60. Mwalowa mu Settings, kenako Storage, mwapeza kuti kwatsala MB 300 zokha. Poyang'ana mungati 60 ikwana mu 300, koma foni nayo imafuna malo ogwirira ntchito yake. Ndiye inu ndi achimwene mwapeza mavidiyo 50 akale obwera pa WhatsApp, iliyonse ya MB 15. Chulukitsani 50 ndi 15, mupeza MB 750. Mukawafufuta, malo otsala akhala 300 kuphatikiza 750, zomwe ndi MB 1,050. Mwadutsa GB imodzi, ndipo pulogalamu yapeza pokhala. Musafufute chithunzi kapena vidiyo ya munthu musanamufunse, chifukwa zina zikapita sizibwereranso.

Kodi foni ikudziwa kuti lero ndi liti?

Ichi ndiye chodabwitsa kwambiri. Tsiku likukhudzana bwanji ndi pulogalamu? Foni isanalandire kanthu kuchokera ku makompyuta a Google, imayamba yatsimikiza kuti ikulankhuladi ndi Google, osati wakuba wodzizimbaitsa. Makompyutawo amaionetsa chiphaso cholembedwa tsiku loyambira ndi tsiku lothera. Foni imayerekeza masikuwo ndi kalendala yake. Ngati kalendalayo yabwerera m'mbuyo zaka zingapo, foni imaona ngati chiphasocho sichinayambe kugwira ntchito, ndipo imakana kulandira kanthu.

Mafoni ena amasokoneza tsiku batire ikatheratu kwa nthawi yaitali kapena ikachotsedwa, zomwe si zachilendo kumene kotchajitsa kuli kutali. Lowani mu Settings, mupeze Date & time, muyatse posankha kuti foni izitenga nthawi ku netiweki. M'mafoni ambiri pamalembedwa Set time automatically. Mwayi wathu ndi wakuti Malawi, Zambia ndi Mozambique amayendera nthawi imodzi, choncho nsanja ya kutsidya singasokoneze wotchi yanu.

Kodi Google ikumudziwa mwini foni?

Play Store imagwira ntchito ndi akaunti ya Google. Ngati mwini foni anasintha pasiwedi ali pa foni ina, foni iyi imafuna kuti alowenso. Zimachitikanso ndi foni yogula kwa munthu wina, imene idakali ndi akaunti ya mwini wake wakale. Mbali imeneyi ndi ya akuluakulu. Google imafuna kuti mwana wosakwana zaka 13 akhale ndi akaunti yoyang'aniridwa ndi kholo, ndipo kholo likhoza kukonza kuti pulogalamu isalowe lisanavomereze. Auzeni makolo ayang'ane, ndipo pasiwedi isaperekedwe kwa mlendo.

Zonse zili bwino koma zikukanikabe?

Zimitsani foni, muiyatsenso. Zikapitirira, lowani mu Settings, kenako Apps, musankhe Google Play Store, kenako Storage, mudine Clear cache. Izi zimangochotsa tizinthu tosakhalitsa timene Play Store inasunga, sizikhudza zithunzi kapena manambala a anthu. Koma mukaona mawu akuti Factory reset, chotsanipo chala, chifukwa amenewo amafufuta zonse za m'foni.

Mnzanu angakuuzeni kuti angokutumizirani pulogalamuyo kuchokera m'foni mwake. Chenjerani, chifukwa pulogalamu yosadziwika kumene yachokera ikhoza kubisa zoipa zoba mauthenga, ndipo m'foni ya makolo mumakhala Mpamba kapena Airtel Money. Ndi bwino kufufuza mzere, intaneti, malo, tsiku ndi akaunti, chimodzichimodzi, n'kumayesanso Install mukakonza chilichonse. Mukatero mudziwa chenicheni chimene chinatsekereza, ndipo tsiku lina mudzathandiza agogo kapena aphunzitsi anu.